Ndikusiya ntchito yoyang'anira nyumba ya katundu, ndimulembere chiyani wolowa m'malo mwanga?

"Ndakhala woyang'anira nyumba yosungiramo katundu pa kampani ina yogulitsa zakudya mopikulitsa kuno ku Zomba kwa zaka 6. Kumapeto kwa Okutobala ndikusamukira ku Lilongwe. Abwana akuti ndilembe handova ya mnyamata amene atenge malo anga, yemwe wakhala akugwira ntchito pa kauntala. Katundu yense ali kale m'mabuku ndi mu kompyuta. Ndiye ine ndilembenso chiyani?" Bambo wa ku Chinamwali

Bambo, za mu kompyutazo zisiyeni momwemo, mnyamatayo akaziwerenga yekha. Inu lembani zimene zimakhala m'mutu mwanu mokha, zomwe zikwere nanu basi tsiku lopita ku Lilongwe. Kuti muzidziwe, yendani ndi kabuku m'thumba sabata yonse yamawa. Nthawi iliyonse imene dalaivala, mlonda, kalaliki wa akauntsi kapena kasitomala wakufunsani chinthu, inu n'kuyankha osatsegula buku lililonse, lembani funsolo ndi yankho lake. Pofika Loweruka mudzaona kuti masamba angapo adzaza, ndipo handova yanu yagona m'masamba amenewo.

Ndiyamba ndi maoda amene sanathe, ndipo ndikhalitsapo, chifukwa ndalama zambiri zimene ndaona zikutayika posinthana ntchito zimatayikira pamenepa. Kompyuta imadziwa bwino oda imene yangolembedwa kumene, imadziwanso oda imene katundu wake wafika yense. Imene imaivuta ndi oda yapakatikati, yoti katundu wina wabwera, wina wabwezedwa, wina akuti ali m'njira, ndipo ndalama zalipiridwa theka. Oda yotere nkhani yake imakhala yomwazika pa mapepala anayi: pepala loitanitsira katundu lotchedwa LPO limene munatumiza kwa sapulaya, delivale noti imene dalaivala anabwera nayo, GRN imene inu munalemba polandira, ndi invoisi imene inapita ku akauntsi. Mapepala anayiwa kawirikawiri amakhala m'mafayilo osiyana, ndipo aliyense amatchula nambala yakeyake. Munthu yekhayo amene amadziwa chifukwa chake manambalawo sakufanana ndi inu.

Tiyerekeze ndi mafuta ophikira, popeza nyumba ngati yanuyo sikhala yopanda mafuta. Pa 6 Okutobala munaitanitsa zigubu 300 za malita 20 kwa sapulaya wa ku Limbe. Pa 14 Okutobala lole inabwera ndi zigubu 180 zokha, dalaivala n'kunena kuti zotsalazo zibwera ulendo wina. Potsitsa munapeza kuti zigubu 6 zikudontha pa chitsekero, munazibweza pa lole yomweyo. Choncho delivale noti ikunena 180, GRN yanu ikunena 174. Patapita masiku awiri invoisi inafika ku akauntsi yolemba zigubu zonse 300, ndipo iwo analipira theka, ndalama za zigubu 150, monga munagwirizanirana. Kuchokera tsiku limenelo mwatulutsa zigubu 110, ndiye pansi pali 64. Koma mwa 64 zimenezo, 60 ndi za sukulu ina yogonera komweko imene inalipira kale, ingoyembekeza galimoto kuti idzatenge pa 4 Novembala.

Tsopano taganizani mnyamata uja Lolemba lake loyamba. Akuyang'ana pa bini kadi, kakhadi kolembapo katundu wolowa, wotuluka ndi wotsala, akuona 64. Wamalonda wa ku Jali wafika ndi ndalama m'manja akufuna zigubu 40, iye amupatsa, ndipo salakwa chilichonse malinga ndi zimene akuona. Tsiku limene a sukulu afika, mafuta awo kulibe. Poona kuti mafuta akutha, alemba oda ina ya 300 pa mtengo watsopano, osadziwa kuti zigubu 126 za oda yakale zikubwerabe. Kenako a akauntsi amuimbira kufunsa ngati mafuta a ku Limbe aja anafika. Iye akumbukira kuti anaona delivale noti mu fayilo, ayankha kuti eya, anafika. Iwo alipira ndalama zonse zotsala. Mwezi usanathe kampani yakhumudwitsa kasitomala wamkulu, yamangirira ndalama mu mafuta ochuluka kuposa amene ikufuna, ndiponso yalipira katundu amene sanafike. Palibe amene waba, palibe waulesi. Nkhaniyo inangokhala m'mutu mwa munthu amene wapita.

Mukanati mulembe oda imeneyi mu handova, bwenzi ikumveka chonchi:

"LPO 0417, mafuta ophikira, zigubu za malita 20, sapulaya wa ku Limbe. Tinaitanitsa 300 pa 6 Okutobala. Zinabwera 180 pa 14 Okutobala, 6 zodontha tinabweza pa lole yomweyo, dalaivala anasaina pa kope yathu ya delivale noti. Talandira 174, onani GRN 1132. Zotsala kuti zibwere ndi 126, kutanthauza 120 zosabwera ndi 6 zolowa m'malo mwa zodontha. Invoisi yawo ndi ya 300, talipira za 150. Musavomereze kuti akauntsi alipire invoisi yonse mpaka 126 zitafika, kapena atatumiza kirediti noti yochotsera pa invoisi ndalama za zimene sabweretsa. Analonjeza kubweretsa pofika 30 Okutobala. Zikapanda kufika, imbirani woyang'anira zotumiza katundu, osati wa malonda. Musalembe oda ina ya mafuta iyi isanathe. Mwa zigubu 64 zimene zili pansi lero, 60 ndi zolipiridwa kale ndi sukulu, lisiti 2290, adzatenga pa 4 Novembala. Ndaziika padera pafupi ndi khomo laling'ono ndipo ndamatapo pepala. Zogulitsa ndi 4 zokha."

Ndime imodzi yokha, koma muone zimene yanyamula. Nambala iliyonse ili ndi pepala lake loti mnyamatayo akhoza kukalitenga n'kuligwira m'manja. Yanena amene akuyembekezeka kuchita kanthu, tsiku lake, ndi chochita tsikulo likadutsa. Yanenanso chimene sayenera kuchita, ndipo apa ndi pamene ambiri amaiwala. Oda iliyonse yosatha ilembeni motero, imodziimodzi. Musalembe kuti "mafuta otsala akubwera." Mawu amenewo sathandiza munthu amene sakudziwa kuti otsalawo ndi angati. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Katundu amene akuti ali m'njira sanakhale wanu, ndiye mu handova alembedwe payekha, asasakanikirane ndi amene ali pansi.

Pali chinthu china pa oda yomweyi chimene ndikupemphani muchichite musanachoke, chifukwa kulemba kokha sikukwanira. Ngati mtengo wa zigubu zotsalazo munagwirizana pakamwa kapena pa foni kuti ukhala womwewo, pemphani sapulayayo alembe, ngakhale kalata ya mizere iwiri yokhala ndi chidindo. Mgwirizano wapakamwa umakhala pakati pa anthu awiri, ndipo mmodzi akachoka umachoka naye. Tonse tikukumbukira Novembala wa 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi maoda osatha opanda pepala la mtengo anauzidwa kuti katundu wotsala abwera pa mtengo watsopano, ndipo analibe pogwira. Mnyamata watsopano sangakangane ndi sapulaya pa lonjezo limene sanalimve ndi makutu ake.

Kuti musaphonye oda ina, musadalire kukumbukira. Tengani buku la LPO, mutsegule makope a miyezi itatu kapena inayi yapitayi, ndipo pa iliyonse mufunse ngati ili ndi GRN yokwanira nambala yonse. Kenako tsegulani foni yanu. Maoda ambiri masiku ano amayambira pa WhatsApp, pepala n'kudzatsatira pambuyo, ndipo ena pepalalo silitsatira n'komwe. Foniyo mupita nayo, ndiye zonse za ntchito zili m'menemo zitulutseni. Pomaliza yendani m'nyumbamo n'kuyang'ana katundu amene ali mkati koma si wathu, monga wolipiridwa kale, wodikira kubwezedwa, mapaleti ndi makireti a eni ake. Ganiziraninso wathu amene ali kunja, monga lona limene munabwereketsa nthambi ina kapena matumba amene anapita kwa kasitomala kuti akaone kaye ngati awakonde. Zinthu zobwereketsa ndi zimene zimasowa msanga woyang'anira akasintha, chifukwa wobwereka amangokhala chete.

Tibwere ku mavuto odziwika. Apa nyengo imene mukuchokayi ikundidetsa nkhawa. Mukupereka nyumbayo mu Okutobala, kunja kuli ng'a, pansi pali gwa. Mnyamatayo aona nyumba youma bwino. Koma pakangopita masabata ochepa mvula iyamba, ndipo inu mukudziwa mmene imagwera kuno kunsi kwa phiri, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale. Zonse zimene nyumbayo imachita nthawi ya dzinja iye sanazionepo. Lata limene limadontha, khomo limene madzi amalowera pansi pake mvula ikabwera ndi mphepo, ngalande yakuseri imene imatsekeka ndi zinyalala, khoma limene limatuluka thukuta, malo amene lole yodzaza imatitimira pobwerera m'mbuyo. Inu mumazipewa osaganizira n'komwe, mwina simukumbukiranso chifukwa chimene pakona ina simuikapo shuga.

Ine zinandionekera ndekha ndili mnyamata. Ndinalandira nyumba ina ya katundu m'chilimwe, ndipo amene ankachokayo anandisiyira pepala limodzi lokhala ndi mndandanda wa makiyi. Ndinaona pakona ina pali malo abwino opanda kanthu, ndinadabwa kuti bwanji anthu amapanikiza katundu kwina malo alipo. Ndinaikapo matumba a ufa. Mvula yoyamba yamphamvu inagwa usiku wa Loweruka, ndipo Lolemba ndinapeza mizere iwiri yapamwamba itanyowa, madzi atatsikira mpaka m'kati mwa mulu. Aganyu onse ankadziwa za malo amenewo. Palibe amene anandiuza chifukwa ankaganiza kuti bwana watsopano wauzidwa kale. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa unali ufa woti anthu akanadya.

Ndiye polemba vuto, tchulani malo ake enieni moti munthu akhoza kukaimapo: "padenga pamwamba pa nsanamira yachitatu kuchokera kukhomo lalikulu, mbali ya kumsewu." Nenani nthawi imene limaoneka, zimene munachitapo, amene munamuuza ndi tsiku lake, ndi mmene mukupewera pakadali pano. Ngati munalembera eni nyumba kapena abwana, ikani kope ya kalatayo. Kuposa apo, tengani choko kapena penti mukajambule pansi malo odonthawo. Pepala likhoza kusowa, koma chizindikiro cha pansi aliyense amachiona.

Sikelo nayo ilembedwe. Nenani tsiku limene a Malawi Bureau of Standards anaiyeza komaliza ndi pamene pali chizindikiro chawo. Ngati mukudziwa kuti imapitirira kapena kuperewera, musamuphunzitse mnyamatayo kuchotsera m'mutu monga mwina mwakhala mukuchitira. Lembani kuti ndi yolakwika, ikonzedwe, chifukwa sikelo yonama imamuika pa mlandu ndi makasitomala ndiponso ndi lamulo. Pa za anankafumbwe, lembani milu imene inathiridwa mankhwala, tsiku lake, amene anathira, ndi mulu umene mukuukayikira. Muuzeni poyang'ana: ufa woyera pansi pa paleti, timabowo pa njere, ndi kufunda kwa thumba mukalowetsa dzanja pakati pa mulu. Katundu amene masiku ake atsala pang'ono kutha mumutchule ndi tsiku lake ndi pamene ali, makamaka ngati ali kumbuyo kwa katundu watsopano.

Tsopano nkhani yovuta, ya katundu woperewera. Pafupifupi nyumba iliyonse ya katundu ili ndi mzere umodzi kapena iwiri imene bini kadi ndi pansi sizigwirizana. Mwina ndi matumba 11 a nyemba amene anasowa mu Julaye ndipo simunapeze chifukwa chake. Mtima umafuna kungokhala chete, poti mukupita. Bambo, musatero. Choyamba, mukakhala chete mlanduwo ugwera mnyamata wosalakwa pa kuwerenga katundu kotsatira, ndipo akhoza kuyamba ntchito yake ndi dzina loipa limene silidzamuchoka. Chachiwiri, zimaululika ndithu, ndipo zikaululika inu mulibe, palibe wokuyankhirani. Kuperewera kumene mwalemba nokha, ndi tsiku limene munakuona ndi amene munamudziwitsa, kumaoneka ngati vuto la pa ntchito. Kumene kwapezeka mutachoka kumaoneka ngati kuba. Ngati simunauze abwana, auzeni sabata ino, asadzazione koyamba mu handova.

Pa za anthu ogwira nawo ntchito, lembani zimene munaona ndi maso, musalembe zimene mukuganizira. "Kawiri mu Seputembala loko wa khomo lakuseri anapezeka wosatseka m'mawa, ndinalemba m'buku la alonda" ndi chinthu choti wina akhoza kutsimikiza. "Uje ndi wakuba" ndi mawu oti akhoza kuchotsetsa munthu ntchito popanda umboni, ndipo pepala limayenda m'manja mwa anthu ambiri kuposa amene mumawaganizira.

Za masapulaya ndi zimene mnyamatayo angatenge chaka chathunthu kuti aziphunzire yekha, pamene inu mukhoza kumupatsa pa masamba awiri. Iye pa kauntala amadziwa makasitomala. Anthu otibweretsera katundu sawadziwa, ndipo iwo akangomva kuti pabwera watsopano amamuyesa, ngakhale abwino omwe. Pa sapulaya aliyense wamkulu yambani ndi masiku enieni amene katundu amatenga kuti afike, osati amene amalonjeza. Kuchoka ku Limbe kudzera ku Namadzi ndi Thondwe kufika ku Zomba ndi makilomita osakwana 70, lole ikhoza kuyenda maola awiri. Koma inu mukudziwa kuti wina akati "lole yanyamuka" ndiye kuti yanyamukadi, pamene wina akatero ndiye kuti akuyamba kumene kufuna galimoto. Lembani chonchi: "Oda ya Lolemba imafika Lachinayi. Kumapeto kwa mwezi onjezani masiku awiri. Mafuta a galimoto akasowa amayamba kaye kutumiza kwa amene atenga lole yodzaza." Ngati katundu wake amachokera kunja kudzera ku Beira ndi pa chipata cha Mwanza, nenani, kuti mnyamatayo adziwe kuti ameneyu sungamuitanitse katundu atatsala wa sabata imodzi. Manambala amenewa ndi amene amamuuza nthawi yolemba oda. Ngati mumagulitsa zigubu 25 pa tsiku ndipo katundu amatenga masiku 6 ogwira ntchito, ayenera kuitanitsa zisanatsike pa 150, ndipo kuti apume bwino aonjezepo za masiku awiri, ndiye kuti 200.

Kenako lembani chimene chimalakwika pa katundu wa munthu ameneyo ndi mmene mumachigwirira. Tengani mpunga. Wambiri amene mumalandira mwina amachokera chakuno konkuno, kumadambo a ku Chilwa ndi minda yothirira ya ku Likangala ndi Domasi, kudzera mwa amalonda amene amagula kwa alimi n'kukapunthitsa. Alipo wamalonda amene mpunga wake ndi wabwino koma matumba ake salemera mokwanira. Thumba lolembedwa makilogalamu 50 limakhala 48.5. Kilogalamu imodzi ndi theka ikuoneka yochepa, koma pa matumba 200 ndi makilogalamu 300, omwe ndi matumba 6 athunthu amene mwalipira osalandira. Alipo wina amene kulemera kwake kumakwana koma amafulumira kulongedza mpunga usanaume, ndipo matumba abwino amawaika pamwamba ndi kukhomo la lole. Mpunga wosunga sufunika kupitirira chinyontho cha 14 peresenti. Wopitirira apo umayamba fungo, umachita nkhungu, ndiponso ukamauma m'nyumba mwanu umapepuka, kuperewerako n'kuoneka ngati kwanu. Ndiye musangolemba kuti "samalani ndi mpunga." Lembani kuti "kwa uyu yezani thumba lililonse, kwa uyu bayani matumba a pakati ndi a pansi pa lole, osachepera limodzi pa khumi alionse, musanasaine."

Nthawi yofikira ilinso ndi nkhani. Pali madalaivala amene amakonda kufika cha m'ma 4 koloko madzulo Lachisanu, aganyu atatopa, kuwala kukuchepa, iwo n'kumati afulumire abwerere ku Blantyre kusanade. Munthu watsopano amachita manyazi kuwachedwetsa, amasaina asanawerenge bwino. Mulembereni lamulo limene inu mumatsata, kaya ndi lakuti lole yofika itadutsa nthawi yakuti imagona n'kutsitsidwa m'mawa, kaya ndi lakuti mumatsitsa koma kusaina kumadikira kuwerenga kuthe. Mumuuzenso kuti chilichonse choperewera kapena chowonongeka chilembedwe pa makope onse a delivale noti dalaivala asanachoke, ndipo dalaivalayo asainepo. Lole ikangotuluka pa geti, sapulaya ali ndi ufulu wonena kuti zinawonongekera kwa inu.

Musaiwale kulemba zabwino. Sapulaya amene amasintha katundu wowonongeka osakangana, amene amapirira malipiro akachedwa sabata imodzi, amene anakuthandizani misewu itaduka nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, mnyamatayo ayenera kumudziwa kuti asamutaye chifukwa cha kusiyana pang'ono kwa mtengo. Tchulaninso munthu woyenera kumuimbira pa nkhani iliyonse potengera udindo wake, chifukwa wa malonda amalonjeza koma amene amadziwa pamene lole ili ndi wotumiza katundu. Ndipo ngati nthawi ilipo, aimbireni masapulaya akuluakulu atatu kapena anayi mnyamatayo ali pambali panu, mumudziwitse ndi pakamwa panu. Kwathu kuno munthu amene wachita kuperekezedwa amalandiridwa mosiyana ndi wongotulukira.

Zonsezi zimangirireni pa kuwerenga katundu kwa anthu awiri. Sankhani tsiku, makamaka lomaliza kapena lotsatizana nalo, muimitse kulandira ndi kutulutsa katundu kwa maola amene mukuwerenga. Musanayambe, lembani pamwamba pa pepala nambala ya GRN yomaliza ndi nambala ya pepala lomaliza lotulutsira katundu, pamodzi ndi nthawi yake. Mzere umenewu ndi malire. Chilichonse cha nambala imeneyo kubwerera m'mbuyo ndi chanu, chilichonse chotsatira ndi chake. Popanda malire amenewa, lole imene yafika pakati pa kuwerenga ikhoza kuwerengedwa kawiri kapena osawerengedwa n'komwe, ndipo pakatha mwezi palibe angadziwe kuti kusiyanako kunayamba nthawi ya ndani. Mnyamatayo awerenge yekha ndi manja ake, inu mukhale ndi buku. Asawerenge poyang'ana kunja kwa mulu n'kuchulukitsa mizere, chifukwa mulu ukhoza kukhala ndi dzenje pakati. Milu ikuluikulu akwerepo, makatoni ena atsegule. Pakhale munthu wachitatu wa ku akauntsi kapena woimira abwana. Mukamaliza nonse musaine tsamba lililonse, osati lomaliza lokha, ndipo makope akhale atatu: ya ofesi, yake, ndi yanu yoti mupite nayo ku Lilongwe n'kuisunga bwino.

Handova yonse isapitirire masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, makope a mapepala akhale kumbuyo. Tsamba loyamba likhale la zinthu zimene zichitike m'masabata awiri oyamba, motsatira masiku: mafuta a ku Limbe pofika pa 30, a sukulu pa 4, kukonza denga mvula yoyamba isanafike. Mumupatse kutatsala masiku osachepera atatu kuti muchoke, awerenge, kenako muyende naye m'nyumbamo pepalalo lili m'manja mwake, iye akutsogola. Pamene waima n'kufunsa kuti "apa mukutanthauza chiyani?" ndi pamene simunalembe momveka, konzani pomwepo ndi cholembera. Anyamata ambiri amachita manyazi kufunsa munthu wamkulu kawiri, ndiye mufunseni inuyo: zigubu zogulitsa zilipo zingati lero? Akayankha 64, khalani nayenso pansi.

Makiyi muwerenge ndi kulemba kuti loko aliyense ali ndi makiyi angati ndipo ali kwa ndani. Ngati pali kiyi amene anasowapo kale, kapena amene anapita ndi munthu wina amene anasiya ntchito, pemphani abwana agule maloko atsopano, ndipo mnyamatayo akhale woyamba kuwatseka madzulo a tsiku limene mwasainirana. Mu kompyuta amutsegulire dzina lake lolowera, lanu litsekedwe tsiku lomwelo, asagwiritse ntchito lanu ngakhale kwa sabata imodzi.